Kukonza denga la malata lodontha pa misomali ndi polumikizira mvula isanagwe

Mvula yoyamba ikagwa, m'nyumba zambiri anthu amasuntha mabedi ndi kutchera mabeseni usiku, ndipo kukacha wina amakwera padenga ndi chitini cha phula n'kupaka paliponse pamene akukayikira. Pakapita masabata awiri kapena atatu madzi amabweranso pamalo omwe aja, nthawi zina ochuluka kuposa kale. Phulalo silikhala lolakwa. Vuto n'lakuti lapakidwa pa msomali umene ukugwedera, kapena pa malata amene sanasanjikizane mokwanira, ndipo chinthu chogwedera sichimatika. Malangizo awa akutsata ndondomeko imodzi: choyamba pezani polowera madzi penipeni, kenako limbitsani chimene chamasuka, ndipo zomatira zibwere pomalizira. Ntchitoyi imayenda bwino mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, malata ndi matabwa zili zouma, chizimalupsa chisanakudzidzimutseni.

Mawu awiri tigwirizane poyamba. Mzere wotukuka wa lata tiutcha msana, ndipo mzere wolowa pansi, mmene mumayenda madzi, tiutcha ngalande.

Zofunika kukonzeratu

- Makwerero olimba, otalika kupitirira m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi
- Thabwa lalitali ndi lotambalala loti muzipondapo
- Hamala yokhala ndi chozulira misomali, pulayala, ndi kachidutswa ka mtengo kokwana mu ngalande ya lata
- Burashi ya waya, sandipepala, tsache ndi nsanza zouma
- Choko, tochi ndi tizidutswa ta waya wopyapyala
- Masikuluwu a denga okhala ndi washala yachitsulo ndi labala, otalika mamilimita 75, pamodzi ndi sipanala ya 8. Ngati simuwapeza, misomali ya malata yopotana yokhala ndi washala
- Maliveti ndi chokhomera chake, ngati mungabwereke
- Tepi ya phula yokutidwa ndi aluminiyamu, kapena penti yotseka madzi pamodzi ndi nsalu yake
- Silikoni yoyenera malata
- Penti yoletsa dzimbiri
- Chidutswa cha lata cha mizere yofanana ndi ya denga lanu, ndi lumo lodulira malata
- Ndowa, kapu kapena payipi ya madzi, ndiponso munthu wachiwiri

Pa silikoni pafunika kusamala pogula. Ilipo ina imene imanunkha ngati vinigala mukaitsegula, ndipo imeneyo ili ndi asidi amene amadya zinki yoteteza lata ku dzimbiri. Ndi yabwino pa magalasi, koma padenga imayambitsa dzimbiri pamalo omwe mumafuna kuteteza. Muuzeni wogulitsa kuti mukufuna yopanda asidi, yolembedwa kuti ndi ya denga ndi ngalande.

Musanaponde denga

Kwerani m'mamawa mame atauma, ndipo mutsike dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa lata la mu Okutobala limawotcha manja ndipo zomatira sizigwira bwino pa chitsulo chotentha kwambiri. Imikani makwerero motere: pa mamita 4 aliwonse a kutalika, phazi lake litalikire khoma ndi mita imodzi, ndipo mnzanu awagwire kapena muwamange. Yang'anani pamene waya wa magetsi a ESCOM ukulowera m'nyumba ndipo musayandikirepo ndi lata kapena makwerero achitsulo. Mukakhala pamwamba, pondani pa mzere wa misomali pokha, popeza pansi pakepo ndi pamene pali thabwa, kapena gonekani thabwa lanu lopondapo modutsa mizere iwiri ya misomali. Malata a geji 32 ndi opyapyala kuposa a geji 28, ndipo phazi limodzi loponda pakati pa matabwa limasiya kadzenje kamene kamasunga madzi mpaka kalekale.

Ngati denga lanu ndi la asibesitosi, malangizo awa si anu. Limeneli limasweka mosachenjeza munthu akaliponda, ndipo fumbi lake limawononga mapapo mukaliboola kapena kulikwecha.

Kupeza polowera madzi

1. Yang'anani muli m'kati, dzuwa lili pamutu. Tsekani zitseko ndi mawindo masana, ndipo ngati nyumba ili ndi siling'i lowani pamwamba pake ndi tochi. Bowo lililonse loonekera limaoneka ngati kanyenyezi. Lowetsanimo kachidutswa ka waya kuti katulukire kunja, chifukwa mukakwera padenga bowo lija simudzalionanso pakati pa mizere yofanana yokhayokha, koma kawaya kali chiimire mudzakaona msanga.

2. Werengani zimene matabwa akukuuzani. Msomali wodontha suonetsa kuwala, popeza bowo lake labisika pamwamba pa thabwa lopingasa limene lata lakhomeredwapo. Umadziwika ndi banga lakuda kapena mzere wa dzimbiri wotsika m'mbali mwa thabwalo. Bayani thabwa pa banga lililonse ndi nsonga ya sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, thabwalo lawola kapena ladyedwa ndi chiswe, ndipo msomali watsopano sudzagwirapo. Lembani ndi choko, ndipo werengani kuti ndi mzere wachingati wa misomali kuchokera m'mphepete mwa denga ndiponso lata lachingati kuchokera kukhoma.

*Chenjezo:* pamene madzi akugwera pansi si pamene akulowera. Dontho limatsetsereka kunsi kwa lata kapena kutsata thabwa mpaka litapeza pokakamira, choncho nthawi zonse funani polowera kumtunda kwa banga, osati pamwamba pake penipeni.

3. Yesani ndi madzi kuyambira kumunsi. Sesani denga, kenako thirani madzi pang'onopang'ono pa mzere wa misomali wa m'munsi kwambiri kwa mphindi zingapo, mnzanu akuyang'ana m'kati. Pakapanda kudontha, kwerani mzere umodzi. Anthu ambiri amathira ndowa yonse pamsonga pa denga, madzi n'kudontha m'malo atatu nthawi imodzi, osadziwa kuti alowera pati.

Pali kudontha kwina kumene si kwa mvula. Ngati madontho amagwa m'mamawa mwa Juni kapena Julayi kunja kulibe mtambo, ndi thukuta la lata lozizira limene lakumana ndi mpweya wofunda wa m'nyumba, ndipo mankhwala ake ndi mpata wolowera mphepo kapena siling'i, osati phula.

Kukonza pa misomali

Lata limafutukuka likatentha ndipo limabwerera likazizira. Lata la mamita 3 limasintha ndi milimita imodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono pakati pa usiku wozizira ndi masana otentha, ndipo kayendedwe kakang'ono kameneka, tsiku ndi tsiku kwa zaka, kamakulitsa bowo ndi kukankhira msomali m'mwamba. Mphepo nayo imanyamula lata n'kulibweza, pamene labala ya washala imauma ndi dzuwa n'kung'ambika. N'chifukwa chake kungoumenyanso msomali wotukuka sikuthandiza: umabwerera m'bowo lomwe lija lotakasuka, ndipo pofika Januwale wadzukanso.

4. Gwirani msomali uliwonse ndi chala. Yendani mzere ndi mzere, osati pokhapo pamene panadontha. Zungulizani ndi choko msomali umene ukugwedera, umene mutu wake watukuka, umene unalowa mopendekeka, umene washala yake yasweka kapena palibe, ndi umene unamenyedwa mwamphamvu mpaka msana wa lata unaphwanyika n'kusanduka kambale kosunga madzi.

5. Zulani popanda kuphwanya msana. Ikani kachidutswa ka mtengo mu ngalande yoyandikana ndi msomali, tsamiritsani mutu wa hamala pa mtengowo, ndipo zulani pang'onopang'ono. Mukatsamiritsa hamala pa lata lenilenilo, msomali utuluka koma msana uphwanyika. Pamene msana unali wophwanyika kale, kokerani m'mwamba ndi kangowe ka waya wolimba kudzera m'bowolo, kapena mnzanu aukankhe kuchokera m'kati. Musazule misomali yambiri nthawi imodzi kukakhala mphepo.

6. Yeretsani, kenako ikani chogwirira chachikulupo. Kwechani dzimbiri mozungulira bowo ndi burashi ya waya, pukutani, ndipo pakani penti yoletsa dzimbiri pamene zinki yatha. Ikauma, lowetsani sikuluwu m'bowo lomwelo. Iyenera kukhala yonenepa kapena yotalika kuposa msomali munazula, kuti mano ake alume mtengo watsopano. Mangani mowongoka mpaka labala itakhala pa lata ndi kufutukuka pang'ono chabe. Ikatuluka m'mbali mwa washala ngati phala, mwamanga mopitiriza ndipo ing'ambika chaka chisanathe. Wopanda dirilo asade nkhawa, chifukwa bowo lilipo kale ndipo sipanala ya 8 imakwanira, ngakhale kuti dzanja limatopa.

Ine ndimalimbikitsa masikuluwu ngakhale ndi okwera mtengo, chifukwa sazuka ndi kutentha ndipo mukhoza kudzawamasula osawononga lata. Koma ngati mwapeza misomali yokha, sankhani yopotana, yotalikirapo, ndipo muikhome mopendeka pang'ono kwambiri kuti nsonga ipeze mtengo wosabooledwa, mutu ukhalebe chogona pa washala. Washala yodula ku chubu chakale cha galimoto imathandiza pamene palibe ina, koma muyembekezere kuti dzuwa liitha msanga.

Sikuluwu ikamazungulira osalimba, ndiye kuti thabwa lawola. Tsikani, lowani m'kati, ndipo khomererani thabwa latsopano m'mbali mwa lowolalo, lotalika kufika pa mitanda iwiri imene ikunyamula denga. Kenako boolani bowo latsopano pa msana womwewo kulunjika pa thabwa latsopanolo, ndipo lakalelo mulitseke monga mwa sitepe yotsatirayi.

7. Tsekani mabowo opanda ntchito. Awa ndi mabowo amene mmisiri anaphonya thabwa n'kuzula msomali, ndiponso a malata ogwiritsidwapo kale ntchito pa nyumba ina. Bowo laling'ono la pamsana limatsekeka bwino ndi liveti yopakidwa silikoni. Lokulirapo, kapena la mu ngalande, limafuna chigamba. Kwechani ndi sandipepala masentimita 5 mbali zonse, pukutani mpaka nsanza ituluke yoyera, dulani tepi ya phula ya masentimita 10 mbali zonse, ndipo muikanikize ndi chala kapena chogwirira cha hamala kuti itsate kupindika kwa lata, makamaka mbali yakumtunda kumene madzi amafikira. Mukagwiritsa ntchito penti yotseka madzi, pakani koyamba, yalani nsalu penti ikadali yonyowa, ndipo pakaninso kawiri, mukudikira kuti iume monga zalembedwera pa chitini. Penti yopanda nsalu imang'ambika pabowo.

*Chenjezo:* msomali umene unakhomedwa mu ngalande musauike washala n'kuusiya. Uzuleni, tsekani bowolo ndi chigamba, ndipo khomani wina pa msana woyandikana nawo. Pa malata a mizere wamba ngalande ndi njira ya madzi onse a denga.

Kukonza polumikizira malata

Apa ndi pamene anthu amalephera kwambiri, chifukwa palibe bowo looneka. Malata awiri akagundana, madzi amakwera okha m'kampata kapakati pawo monga mmene parafini amakwerera pa chingwe cha nyali, ndipo mphepo ikawakankha amakwera kwambiri. Fumbi ndi masamba zounjikana m'kampatako zimamwa madzi n'kuwathandiza kukwera. Madziwo akafika kumapeto kwa lata lapansi, amagwera m'nyumba.

8. Yezani kusanjikizana. Pamene lata lakumtunda lavundikira lakumunsi, muyezo usachepere masentimita 15 pa denga lotsetsereka bwino, ndipo pa denga logona, monga la khonde kapena kitchini yophatikiza kukhoma, pafunika masentimita 25 mpaka 30. Kuti muyeze, lowetsani waya wopinda nsonga pakati pa malatawo mpaka utakola m'mphepete mwa lapansi. M'mbali, malata a mizere wamba ayenera kuvundikirana msana umodzi ndi theka, lapamwamba likuthera chozolika pansi. Amisiri ena amavundikira msana umodzi wokha kuti malata akwanire, ndipo denga lotero limadontha mvula ikabwera ndi mphepo. Malata a IBR ndi osiyana, popeza anapangidwa kuti azivundikirana msana umodzi.

9. Konzani polumikizira pa m'mbali. Masulani misomali ya pamzere wolumikizirawo, tukulani lata lapamwamba pang'ono ndi kamtengo, ndipo chotsani fumbi ndi dzimbiri. Wongolani m'mphepete mopindika ndi pulayala. Ikani mzere wa silikoni wosadukiza pamwamba pa msana wa lata lapansi, bwezerani lapamwamba, khomani, kenako mangani malata awiriwo ndi maliveti kapena timasikuluwu tatifupi pa masentimita 40 mpaka 50 aliwonse pakati pa matabwa. Pamene malata anavundikirana pang'ono kwambiri, dulani lamba wa lata wa misana itatu, wotalika ngati lata lonse, ndipo muuvundikire pa mzerewo, mutu wake utalowa pansi pa lata lakumtunda kapena pansi pa chivundikiro cha pamsonga.

10. Konzani polumikizira pakati pa lakumtunda ndi lakumunsi. Ngati muyezo ndi wokwanira, masulani mzere wa misomali, yeretsani m'kati, ikani silikoni pakati pa malatawo motsata mzere wa misomali ndi kupindika konse kwa misana ndi ngalande, ndipo mangani ndi masikuluwu pa msana wachiwiri uliwonse kuti akanikizane. Ngati muyezo ndi wochepa, silikoni yokha singakwanire, ndipo njira yake ndiifotokoza ndi chitsanzo.

Pa nyumba ya azakhali anga panali khonde lophatikiza limene kenaka analisandutsa chipinda. Denga lake linali logona, la mizere iwiri ya malata, ndipo madzi ankagwera pa bedi kokha mvula ikabwera ndi mphepo. Pamwamba pa bedipo panali phula la zaka zitatu lopakidwa pa misomali, koma misomaliyo inali yolimba ndipo thabwa lake linalibe banga. Banga linali pa thabwa lakumtunda kwake, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamenepo, pamene mizere iwiri ya malata inakumana, ndipo linali lotambalala pansi pa malata anayi, osati kadontho ka msomali umodzi. Titalowetsa waya tinapeza masentimita 8 okha. Titathira madzi modekha kumtunda sanadonthe, koma titawakapiza ndi kapu molunjika m'kamwa mwa polumikizirapo, monga imachitira mphepo, m'kati munayamba kudontha nthawi yomweyo.

Tinadula zidutswa za lata zotalika masentimita 45, tinazula mzere wonse wa misomali ya polumikizirapo, ndipo tinalowetsa zidutswazo pakati pa malata awiriwo, pansi pa lakumtunda ndi pamwamba pa lakumunsi, masentimita 25 atalowa m'kati ndipo 20 atatsalira kunja. Motero lata lakumtunda linavundikira chidutswa ndi masentimita 25, ndipo chidutswa chinavundikira lakumunsi ndi masentimita 28. Zidutswazo nazo tinazivundikiritsa m'mbali msana umodzi ndi theka. Popeza sikuluwu imayenera kudutsa malata atatu, tinayamba taboola chidutswa ndi msomali wakuthwa kudzera m'mabowo akale. Pochotsa phula lakale m'ngalande tinapeza pansi pake pali chinyezi ndi dzimbiri lofiira, ndipo panafunika zigamba ziwiri pamene lata linali litabooka kale. Ntchito yonse inatenga m'mawa uwiri, ndipo bedi silinasunthidwenso dzinja limenelo.

*Chenjezo:* chidutswa chiyenera kukhala cha mizere yofanana ndendende ndi ya denga. Malata a mafakitale osiyana nthawi zina sagonerana, choncho yesani kaye pansi musanadule.

11. Yesaninso ndi kusesa. Zomatira zikauma, kawirikawiri tsiku lotsatira, bwerezani sitepe 3, ndipo polumikizira mukapize madzi cham'mwamba. Tolani misomali yakale ndi tizidutswa tonse ta chitsulo, chifukwa tikatsala padenga timachita dzimbiri n'kudya lata. Mvula yoyamba ikagwa, lowani ndi tochi muone matabwa amene munalemba choko aja.

Zolakwika zimene zimabwezeretsa kudontha

Cholakwika chachikulu ndi kumata kunja kwa kamwa la polumikizira ndi phula kapena simenti. Kumeneko ndi kotulukira madzi alionse amene alowa pakati pa malata, ndipo mukakutseka madziwo amakhala momwemo, amakwera cham'mbuyo ndi kudya malata onse awiri kuchokera m'kati. Chomatira chiyenera kukhala pakati pa malata, chitakanikizidwa, osati pamwamba pamene dzuwa limachiwamba. Simenti ilinso ndi vuto lake, popeza siyenda pamene lata likuyenda, ndiye imasweka n'kusiya mng'alu wosunga madzi.

Chachiwiri ndi kumata pa fumbi, pa dzimbiri kapena pa lata lonyowa. Chigamba chotero chimaoneka chogwira tsiku loyamba, koma mukhoza kuchisenda ndi chikhadabo pakatha mwezi. Chimodzimodzinso mapulasitiki osungunula ndi sopo, zimene zimagwira kwa mvula imodzi kapena ziwiri basi.

Ambiri amaikanso miyala, njerwa kapena matayala padenga kuti malata asadzuke. Pansi pa zinthu zimenezi pamakhala chinyezi ndi zinyalala, lata limabooka pomwepo, ndipo tayala limasunga madzi oswera udzudzu. Lata limene likufuna mwala likufuna sikuluwu ndi thabwa lolimba.

Pomaliza, pali lata limene silingakonzekenso. Mukakanikiza ndi chala chachikulu m'ngalande n'kumva likufewa, kapena mukaona timabowo tambirimbiri ngati sefa mukayang'ana m'kati masana, dzimbiri ladya lata lonse ndipo chigamba chilichonse chidzangosunthira kudontha pambali pake. Lichotseni n'kuika lina, ndipo pogula muwonjezere pa muyezo wake masentimita a kusanjikizana amene tatchula pa sitepe 8. Mbali zake zimene zikadali zolimba musataye, chifukwa n'zimene mudulepo zidutswa zolowetsa polumikizira.